Tsitsi la pachipumi silithawa lokha

Sabata yoyamba ya teremu iliyonse, ife aphunzitsi aakazi pamodzi ndi amayi oyang'anira kogona atsikana timadziwiratu chimene chipemphedwe kwambiri. Ndi panado. Mtsikana amabwera atagwira mutu, akuti sanagone bwino. Tikamufunsa ngati akumva kuzizidwa amati ayi, chimfine amati ayi. Tikalowa naye m'chipinda n'kumupempha kuti avule mpango, yankho timalipeza pamutu pomwepo. Walukidwa kumene, mizere yowongoka bwino, yokongola ndithu, koma khungu la pachipumi lakokedwa mpaka nsidze kukwera. M'mphepete mwa mizereyo muli tiziphuphu tating'onoting'ono.

Panado timamupatsa, mutu umaleka, ndipo pakatha masiku atatu iye amaiwala. Mizu ya tsitsi lake ndiyo siiwala. Ena mwa atsikana amenewa timawaona kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo timaona chipumi chikukula pang'onopang'ono, tsitsi likubwerera m'mbuyo pamwamba pa makutu. Tikawauza makolo, yankho lofala ndi lakuti, "N'kukula kumeneko," kapena, "Kwathu tonse tili ndi zipumi zazikulu."

Maganizo athu ndi awa. Tsitsi la m'mphepete mwa chipumi likayamba kutha kwa mtsikana kapena mayi amene amaluka ndi kumanga mothina, kawirikawiri sikukhala kukula, si mtundu, ndiponso si tsoka. Ndi bala limene manja athu akupanga pang'onopang'ono. Likazindikirika msanga limapola, koma likachedwa limasiya dazi losachiritsika. N'chifukwa chake mayi aliyense ndi mtsikana aliyense ayenera kudziwa kusiyanitsa bala limeneli ndi kusintha kwa tsitsi kumene kumachitika mwachibadwa.

Mmene tsitsi limasinthira palokha

Tiyambe ndi zimene siziyenera kutiopsa. Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lililonse limamera m'kadzenje kake m'khungu, momwe muli muzu. Tsitsi limodzi limakula kwa zaka zingapo, kuyambira 2 mpaka 6, kenako limapuma kwa miyezi pafupifupi 3, n'kugwa, ndipo m'kadzenje momwemo mumatuluka lina. Popeza silipuma lonse nthawi imodzi, munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 tsiku lililonse popanda mutu kuoneka kuti wachepa.

Izi zikutimasulira chinthu chimodzi chimene chimaopsa atsikana ambiri. Tsitsi likalukidwa, lija loyenera kugwa tsiku ndi tsiku limasowa pogwera, limangokodwa m'malukidwemo. Mukakhala nawo masabata 6, amene ndi masiku 42, pomasula mukhoza kupesa tsitsi 2,100 mpaka 4,200 nthawi imodzi. Mulu umenewo pachipeso si matenda. Ndi ngongole ya masiku onse aja imene yabwezedwa tsiku limodzi. Mukatenga limodzi n'kuliyang'ana powala, kunsonga kwake mupezako kamutu koyera kolimba, kusonyeza kuti linatha nthawi yake.

Nthawi zina thupi limatumiza tsitsi lochuluka kukapuma pakamodzi. Zimachitika munthu akadwala malungo aakulu kapena matenda ena otentha thupi, akachitidwa opaleshoni, akataya magazi ambiri, akaonda mwadzidzidzi, ndiponso mayi akabereka. Kuthothokako sikuyamba pomwepo. Kumadikira miyezi 2 kapena 3, nthawi yopuma ija ikatha, ndipo n'chifukwa chake ambiri sakugwirizanitsa ndi malungo amene anadwala kale. Chizindikiro chake n'chakuti tsitsi limathothoka mutu wonse, limapezeka papilo ndi m'bafa, khungu siliwawa, silitupa, ndipo pakapita miyezi tsitsi limabwerera lokha.

Palinso kusiyana kobadwa nako. Ena malire a tsitsi lawo ali pafupi ndi nsidze, ena ali patali. Ena ndi ozungulira, ena ali ndi kansonga pakati. Pafupifupi aliyense ali ndi titsitsi tofewa, tatifupi, m'mphepete mwa chipumi, timene sititalika ngati linzake. Mayi akamakalamba, imvi zimabwera ndipo tsitsi limapyapyala pang'ono mutu wonse. Zonsezi n'zachibadwa. Chipumi chobadwa nacho chimakhala chomwecho pachithunzi cha Sitandade 5 ndi cha Fomu 4. Chipumi chimene chikusuntha chaka ndi chaka chili ndi chochisunthitsa.

Chimene kukoka kumachita pa muzu

Madokotala a khungu vutoli amalitcha thirakishoni alopeshiya, kutanthauza dazi lobwera ndi kukoka. Si la mtundu umodzi wa anthu. Linalembedwa koyamba mu 1907 pakati pa amayi a ku Greenland amene ankamanga tsitsi kumbuyo molimba, ndipo limapezekanso mwa amuna achi Sikh amene amamanga tsitsi lawo lalitali mfundo yothina pansi pa nduwira. Paliponse pamene tsitsi likukokedwa malo amodzi kwa nthawi yaitali, zotsatira zake ndi zomwezo.

Tsitsi la m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu ndi limene limavulala msanga pa zifukwa ziwiri. Ndi lopyapyala kuposa la pakati pa mutu, komanso ndi pamene mzere uliwonse umayambira, choncho mphamvu yonse ya kukoka imathera pamenepo. Woluka akafuna kuti ntchito yake ioneke yaukhondo amatola ngakhale titsitsi tating'ono tija n'kutilowetsa mumzere. Akawonjezerapo meshi yaitali, kagulu kochepa ka tsitsi lofewa kamapatsidwa katundu wolemera woti kanyamule usana ndi usiku.

Muzu ukakokedwa chotero, khungu lozungulira kadzenje kaja limatupa. Ndiko kuwawa kumene mtsikana amamva, ndipo ndiko kumabweretsa tiziphuphu, nthawi zina tamafinya. Tsitsi limazuka nthawi yake isanakwane. Poyamba muzu umakhala wamoyo ndipo umatulutsa lina. Likakokedwanso, lotulukalo limakhala lopyapyala ndi lalifupi kuposa loyamba. Zikapitirira kwa zaka, kadzenje kaja kamatsekeka, m'malo mwake mumalowa chipsera. Pachipsera sipamera tsitsi, monga mmene pamalo opsa ndi moto sipamerera.

Choncho matendawa ali ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba, muzu watopa koma ulipo, ndipo ukapumitsidwa umadzuka. Chigawo chachiwiri, muzu wafa. Vuto ndi lakuti palibe belu limene limalira munthu akamachoka m'chigawo choyamba kulowa m'chachiwiri. Amangozindikira kuti wamasula, wadikira chaka, koma palibe chamera.

Kuti si nkhani yaing'ono, umboni ulipo. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa ku Yunivesite ya Cape Town ndi anzake anayeza mitu ya ana a sukulu ndi ya akuluakulu ku Langa, mumzinda wa Cape Town, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2007. Anapeza vutoli mwa atsikana a sukulu pafupifupi 17 pa 100 alionse, ndi mwa amayi pafupifupi 32 pa 100 alionse. Mwa ana a sukuluwo, linkachuluka kalasi ikamakwera. Anapezanso kuti ngozi imakula kwambiri pamene tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala lalukidwa kapena kulumikizidwa meshi. Chiwerengerochi ndi cha ku South Africa, koma malukidwe ake ndi omwe timawaona m'masaluni ndi m'makonde mwathu.

Nyumba imodzi, mitu itatu

Kuti kusiyanaku kumveke, tiyerekeze nyumba imodzi momwe muli akazi atatu, onse akudandaula kuti tsitsi la pachipumi likutha.

Woyamba ndi mtsikana wa zaka 16, wa Fomu 3. Kuyambira ali ku pulaimale amalukidwa mizere yobwerera kumbuyo, ndipo akamasula Lachisanu, Loweruka amakhala atalukidwanso. Tsitsi lotsala kumapeto amalimanga ndi labala, n'kuvala kachipewa kothina, pamwamba pake hijabu. Tikayang'ana pamutu pake tikupeza kuti tsitsi lachepa mbali zonse ziwiri mofanana, pamwamba pa makutu ndi m'ngodya za chipumi, ndendende pamene mizere imayambira. Pakati pa mutu ndi podzaza bwino. Chofunika kwambiri, kutsogolo kwa malo operewerawo kwatsala kamzere ka titsitsi tofewa, ngati udzu wotsala m'mphepete mwa munda wolimidwa. Titsitsi timeneti tinapulumuka chifukwa ndi tatifupi kwambiri moti zala za woluka sizinathe kutigwira. Madokotala amadalira kwambiri chizindikiro chimenechi. Pakati pa kamzereko ndi tsitsi lenileni pali kanjira kopanda kanthu. Tikayang'anitsitsa, timabowo ta tsitsi tikuonekabe, ndipo pali tiziphuphu tiwiri titatu. Pa tsitsi lina, pafupi ndi khungu, pali tinthu toyera tozungulira ngati mazira a nsabwe, koma tikatikoka ndi zala timatsetsereka mosavuta, pamene mazira a nsabwe amamatirira. Uyu ndiye wavulazidwa ndi kukoka, ndipo mwayi wake ndi wakuti adakali m'chigawo choyamba.

Wachiwiri ndi mkulu wake wa zaka 26, amene anabereka miyezi 4 yapitayo. Tsitsi likutuluka lodzaza dzanja akamasamba. M'ngodya za chipumi namonso mwapyapyala, n'chifukwa chake akuganiza kuti ali ndi vuto lofanana ndi la mng'ono wake. Koma kwa iye tsitsi likuthothoka paliponse, pakati ndi kumbuyo komwe. Khungu siliwawa, palibe chiphuphu, ndipo tsitsi logwalo lili ndi kamutu koyera kaja. Ali ndi pakati, tsitsi lochepa lokha ndi limene linkapita kukapuma, ndiye lonse limene linachedwa likugwa tsopano. Pakapita miyezi ingapo aona titsitsi tatifupi tikutuluka tambiri pachipumi, ndipo mwana akamakwanitsa chaka mutu umakhala utabwerera mwakale kapena pafupi kutero. Iye safunika mankhwala a tsitsi. Ngati akumva kufooka ndi chizungulire, akayezetse magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi kumatalikitsa kuthothokaku. Chimene chingamuwononge n'chimodzi: kukalukitsa mothina kuti abise popyapyalapo. Akatero, kusintha kwachibadwa kumene kukanatha kokha akukusandutsa bala.

Wachitatu ndi mayi awo aakulu a zaka 57, amene anasiya kusamba ndipo akhala akumeta tsitsi lalifupi kwa zaka zambiri. Kwa iwo malire a tsitsi abwerera m'mbuyo ngati lamba, kuchokera kukhutu kufika kukhutu linzake. Khungu lotsalalo ndi losalala, lowalirapo kusiyana ndi chipumi chonse, lopanda timabowo. Kamzere ka titsitsi tofewa kaja kulibe, m'malo mwake pali tsitsi limodzilimodzi loima lokha pabwalo. Nsidze nazonso zikutha. Awa si kukoka ndipo si ukalamba wamba. Ndi matenda ena, amene dokotala wa ku Australia, Steven Kossard, anawafotokoza mu 1994, momwe chitetezo cha thupi chimaukira mizu ya tsitsi. Amagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba. Kupumitsa tsitsi pakokha sikuwaletsa. Mayiwa ayenera kuonana ndi a zakhungu msanga, chifukwa mankhwala akhoza kuchedwetsa matendawa ngakhale sangabweze tsitsi limene lapita.

Akazi atatu, dandaulo limodzi, koma woyamba akufunika kumasula, wachiwiri akufunika kudikira, wachitatu akufunika chipatala. Akanagula botolo limodzi la mafuta omeretsa tsitsi kumsika n'kugawana, palibe amene akanathandizika.

Tiwonjezere mwachidule zitatu zimene zimasokonezanso anthu. Dazi la m'banja mwa akazi nthawi zambiri limayambira pakati pa mutu, mpata wogawa tsitsi n'kumakula, malire a pachipumi ali pomwepo. Chipere chimayabwa, chimafunduka, tsitsi limaduka, ndipo chimapatsirana kudzera m'zipeso ndi m'makina ometera. Chimafuna mankhwala akumwa, osati odzola okha. Ndipo dazi lozungulira ngati ndalama yachitsulo, losalala, lotulukira mwadzidzidzi pena paliponse, ndi matenda enanso. Ziwiri zomalizazi n'zopita nazo kuchipatala.

Nanga hijabu?

Funso limeneli tiliyankhe mosabisa, chifukwa ena amanong'ona kuti mpango ndi umene umadya tsitsi. Nsalu yongophimba mutu sizula tsitsi. Chimene chimazula ndi zimene zimachitika pansi pa nsaluyo. Tsitsi limakokedwa kumbuyo n'kumangidwa mfundo yolimba kuti hijabu ikhale bwino. Mfundoyo imakhala malo omwewo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku ndi tsiku. Kachipewa ka mkati kali ndi labala amene amakhala ndendende pa titsitsi tofewa tija, n'kumatipekesa mutu ukamatembenuka. Ena amagona nazo zonsezo chifukwa cha ulesi womasula. Mtsikana wotere akhoza kukhala kuti sanalumikizepo meshi chibadwire, koma mizu yake ikukokedwa chimodzimodzi.

Palinso chinthu china chimene chimatikhudza ife mwapadera. Mtsikana woyenda mutu uli poyera, anzake ndi azakhali amaona msanga kuti m'mbalimu mwayamba kuchepa. Wathu amavala mpango kuyambira m'mawa, ndipo akakula pang'ono ngakhale mayi ake samamupesanso. Zaka ziwiri zikhoza kudutsa popanda wamkulu aliyense kuona malire a tsitsi lake. Iye akazindikira amachita manyazi, amakokera kachipewa kutsogolo n'kukathinitsa, ndipo vuto limakula. Kuphimba kumateteza ulemu wa mtsikana, koma sikuchotsa udindo wa mayi woyang'ana mutu wa mwana wake.

Zimene ena anganene

Tikudziwa kuti ena sagwirizana nafe, ndipo zifukwa zawo si zopusa.

Choyamba ndi ndalama. Mayi amene walipira woluka amafuna kuti malukidwewo akhalitse, ndipo aliyense amadziwa kuti zolukidwa mofewa zimafumuka msanga. Ndi zoona. Koma tiwerengere bwino. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kaya lalukidwa mothina kaya mofewa. Pakatha masabata anayi malukidwe aliwonse amakhala atakwera ndi kuyamba kugwedera. Kuthina kumangogula masiku ochepa a maonekedwe. Ndipo kukhalitsa nako kuli ndi ngozi yake, chifukwa tsitsi lina likamagwa m'kati mwa mfundo, lotsala lochepalo ndi limene limanyamula kulemera konse, likupotokola pamene meshi ikulendewera. Ndalama imene tapulumutsa chaka chino tidzaiwonongera mawigi ndi mafuta kwa zaka makumi atatu.

Chachiwiri ndi chija chakuti ndi za m'banja. Mayi ali ndi chipumi chotere, agogonso chimodzimodzi. Zikhoza kukhala za magazi, sitikana. Koma tisanavomereze tifunse kuti ndani ankaluka mayiyo ali mwana, ndipo ankaluka motani. M'mabanja ambiri chimene chimayenda kuchokera kwa agogo kufika kwa mdzukulu si magazi, ndi dzanja. Yang'anani ana aamuna a m'nyumba momwemo, kapena mtsikana amene wakhala akumeta. Ngati malire a tsitsi lawo ali bwino, mlandu si wa magazi.

Chachitatu timachimva kwa abambo: "Si tsitsi chabe kodi? Ndiponso limakhala lophimbidwa." Dazi silipha munthu, ndi zoona. Koma ife taonapo mtsikana akudikira kuti magetsi azime kuti avule mpango pakati pa atsikana anzake. Taonapo wina akulephera kumva masamu a m'mawa chifukwa usiku wonse sanathe kuika mutu papilo. Kupweteka kopanda phindu kumene mwana akukumva, ndi chilema chimene adzakhala nacho moyo wake wonse pa chinthu chopeweka, si nkhani yoti tiiponye kukhitchini.

Lamulo limodzi losavuta

Tikanati tisiye mfundo imodzi yokha, ndi iyi: kuluka kowawa ndi kuluka kolakwika. Tinakula tikuuzidwa kuti upirire, mawa kuleka. Kuwawako kumalekadi, koma kumaleka chifukwa tsitsi lakula pang'ono kapena lina lazuka, osati chifukwa panalibe vuto.

Musanachoke pamkeka kapena pampando wa woluka, kwezani nsidze, tsinzinani mwamphamvu, tembenuzani khosi mbali zonse, weramitsani mutu. Ngati pena pakukoka kapena kubaya, pamasulidwe pomwepo. Yang'anani pagalasi. Khungu likatukuka m'munsi mwa mzere ngati kahema, ndiye kuti pathina. Ngati usiku woyamba mukufuna panado kuti mugone, m'mawa mwake masulani, ngakhale munalipira. Kuthira madzi otentha kapena mafuta kuti kuwawa kuchepe sikuchotsa kukokako.

Pemphani kuti titsitsi ta m'mphepete tisiyidwe kunja, ndipo mizere ikhale yaikuluko, chifukwa mzere waukulu umagawa katundu ku mizu yambiri. Malukidwe asapitirire masabata 6, ndipo akhale ochepera pamenepo ngati ali ndi meshi yolemera. Mukamasula, tsitsi lipume sabata imodzi kapena awiri, ndipo ulendo wotsatira mizere iyang'ane kwina. Tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala ndi lofooka kale, choncho lisalukidwe mothina, makamaka masabata oyamba. Pansi pa hijabu, mangani tsitsi cham'munsi kufupi ndi khosi, mofewa, ndi kansalu m'malo mwa labala. Kachipewa kakhale ka nsalu yosalala, kosasiya chidindo pachipumi. Chidindocho chikaoneka madzulo, kachipewako n'kothina. Mukafika kogona kapena kunyumba, masulani zonse, mutu upume.

Kwa amene zayamba kale

Mtsikana wa Fomu 3 uja achite chiyani? Amasule lero, osati kudikira kuti ndalama ya malukidwe ithe ntchito. Asiye kuluka kokoka ndi mankhwala owongola kwa miyezi yosachepera 6. Kumeta lalifupi si chilango, ndipo kwa ovala mpango ndi njira yapafupi kwambiri. Mayi ake atenge lula kapena tepi ya telala, ayeze kuchokera pamwamba pa nsidze kufika pamene tsitsi lenileni likuyambira, pakati ndi m'mbali zonse ziwiri, alembe m'kope pamodzi ndi tsiku. Abwereze mwezi uliwonse.

Asataye mtima mwezi woyamba. Muzu wozulidwa tsitsi umatenga nthawi usanayambenso, ndipo ukayamba ndi sentimita imodzi yokha pamwezi. Kusintha kooneka ndi maso kumabwera pakati pa miyezi 3 ndi 6. Ngati pali mafinya, zilonda kapena kuwawa kosaleka, apite kuchipatala mwamsanga, kumene angamupatse mankhwala oletsa kutupa ndi opha tizilombo. Pali mankhwala odzola otchedwa minokisidilo amene amathandiza ena mizu ikadali yamoyo, koma ayambidwe ndi uphungu wa dokotala, ndipo si a mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Ngati miyezi 6 yatha popanda kusintha, kapena khungu lasalala n'kumanyezimira popanda timabowo, kapena nsidze zikutha, funsani kuonana ndi a zakhungu.

Mafuta amafewetsa tsitsi ndi kuchepetsa kuduka, ndipo zimenezo ndi zabwino. Koma palibe mafuta, a nsatsi kapena a m'botolo lodula, amene angameretse tsitsi pachipsera, ndipo palibe amene angapulumutse muzu umene ukukokedwabe. Adyo, mankhwala otsukira mano ndi zina zotentha zimene anthu amapaka zimangopsereza khungu lodwala kale.

Pempho lathu

Kwa inu atsikana, kunena kuti "apa pakuwawa, chonde fewetsani" si mwano, ngakhale wolukayo ndi azakhali anu. Mutu ndi wanu. Ndipo mukamalukana kogona Loweruka, mverani mnzanu akadandaula.

Kwa amayi, kamodzi pamwezi khalani ndi mwana wanu powala, mumupese nokha, muyang'ane pamwamba pa makutu. Mukamutumiza kolukitsa, woluka amve kuchokera pakamwa panu kuti mukufuna zofewa, chifukwa oluka ambiri amathinitsa poopa kuti mudzati ntchito yawo ndi yosalimba. Ang'onoang'ono a kumkaka ndi ku pulaimale ndiwo ofunika kuwateteza kwambiri, pakuti zaka za kukoka zimayamba kuwerengedwa tsiku loyamba. Abambo, mwana akamasula malukidwe a dzulo chifukwa akuwawa, musamuwerengere ndalama.

Ife a sukulu tikulonjeza kuti mtsikana wobwera ndi mutu wowawa tidzamuyang'ana mwachinsinsi, mwa akazi okhaokha, ndipo sitidzalola aliyense kusekedwa chifukwa cha chipumi chake. Sitidzayesanso ukhondo wa mwana ndi kuthina kwa mizere yake.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti, pempho lathu ndi laling'ono. Masiku oyandikira Idi ndi maukwati ndi pamene atsikana ndi amayi amalukitsa kwambiri. Tipatseni mpata pa msonkhano umodzi wa amayi isanafike nthawi imeneyo, tiitane namwino pamodzi ndi amayi oluka a m'dera lathu, tikambirane zimenezi. Olukawo si adani athu. Ambiri ndi makolo a pasukulu pano, ndipo fizi ya ana awo imachokera m'zala zawo. Akadziwa kuti makasitomala akufuna zofewa, adzaluka zofewa.

Akuluakulu anati mmera m'poyamba. Pa nkhani ya tsitsi mawuwa ndi oona kwenikweni, chifukwa muzu wa mtsikana wa Fomu 1 ukhoza kupulumutsidwa ndi kumasula kokha, pamene wa mayi wa zaka 35 mwina unatsekeka kalekale. Madzulo ano, mwana wanu akavula mpango, muyang'aneni pamwamba pa makutu.